Twente pa Mwezi

A Telala anali ndi zinthu ziwiri zimene ankanyadira. Choyamba ankachinena kwa aliyense wolowa m'kashopu kawo, ngakhale wongobisala mvula: buluku losokedwa ndi iwo siling'ambika pakati, mwini wake anenepe bwanji. Chachiwiri ankangochinyadira mumtima, poti sichinali chouza anthu. Kwa miyezi khumi ndi inayi sanaphonyepo tsiku lokapereka chiwongoladzanja kwa Mayi a Golosale.

Ngongoleyo inabwera ndi matenda a akazi awo. Madokotala atanena kuti pafunika opaleshoni, a Telala anayenda pakhomo ndi pakhomo mpaka nsapato zinapempha chifundo. Abale anapepesa, anzawo anadandaula nawo, koma amene anatsegula chikwama ndi Mayi a Golosale okha, omwe kuseri kwa shuga ndi sopo ankachitanso katapila. Anawawerengera 150 sauzande pakauntala pomwepo. Pangano linali losavuta kumva: twente peresenti pa mwezi, kutanthauza 30 sauzande pakutha pa mwezi uliwonse. Ukaphonya, chiwongoladzanjacho chimaphatikizidwa ku ngongole n'kuyamba kuberekanso. Ukaphonya katatu, chikole chapita. Ndipo ndalama yeniyeni yomwe unakongola sankalandira mwapang'onopang'ono.

"Mazira ndizitola mwezi ndi mwezi," anatero mayiwo akuseka, "koma nkhuku yanga idzabwere yathunthu, osati mwendo lero, phiko mawa."

Chikole chinali makina opalasa a akazi awo, akuda aja okhala ndi maluwa agolide ofufutika, omwe anasokerapo zaka makumi awiri ndi zisanu pakona ya shopu yomweyo. Opaleshoni inachitika, koma akazi awowo sanatuluke m'chipatala. Makina anatsala m'chipinda chosungira katundu cha Mayi a Golosale, ndipo pakona paja panatsala timaenje tinayi pasimenti pomwe panali miyendo yake. A Telala ankasesa pamenepo m'mawa uliwonse, koma sankaikapo kanthu. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, akafunsa, ankamuuza kuti makina ali kwa okonza. Anali okonza odekha kwambiri, chaka ndi miyezi iwiri akufunafuna kasikuluwu kamodzi.

Loweruka lina masana mwanayo anabwera ndi mwamuna wake. Mwanayo ankagwira ntchito yolandira ndalama pamalo omwetsera mafuta, ndipo anali ndi pathupi pooneka kale. Anakhala pa benchi la makasitomala n'kuvula nsapato. Mkamwini anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchilo, chipewa pabondo, ndipo anayamba ndi nkhani ya kutentha, kenako ya mtengo wa nsalu, ngati munthu wofuna diresi.

"Nenani zomwe mwabwerera, bambo," anatero a Telala, akudula ulusi ndi mano. "Dzuwa ndaliona kale."

Mkamwini anakhosomola. Ankafuna kugula njinga yamoto yoti azinyamulira anthu, ndipo ndalama zinkaperewera ndi 300 sauzande. Anamva kuti Mayi a Golosale amabwereketsa, koma amafuna mboni yodziwika. Ndiye anaganiza za apongozi ake, poti mayiwo akuti amawalemekeza kwambiri.

A Telala anamva kukoma. Anazimitsa makina awo amagetsi kuti mawu awo amveke bwino.

"Mwaganiza mwanzeru. Mayi aja ndi munthu. Palibe mafomu, palibe kudikira. Ndipo ndi otchipa. Twente peresenti basi. Mwamva za bungwe la amalonda lija, losunga ndi kubwereketsa ndalama? Anabwera pano kudzandikopa. Ndinawafunsa kuti chiwongoladzanja chanu n'chingati, akuti fote. Fote! Ndinawauza kuti ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimadziwa kuti fote ndi wamkulu kuposa twente."

Mwana wawo anasiya kusisita phazi.

"Ababa, twente wa mayiwo ndi wa pa mwezi kapena wa pa chaka?"

"Wa pa mwezi. Nanga munthu amalipira pa chaka ngati laisensi?"

"Nanga fote wa bungwe?"

Kapepala komwe a bungwe anasiya kanali penapake m'dilowa ya mabatani, ndipo a Telala anakumbukira kuti pansi pa nambalayo panali timawu ting'onoting'ono tomwe sanavalire magalasi.

"Peresenti ndi peresenti," anatero.

"Ayi, ababa. Munthu akakuuzani kuti nsalu iyi ndi twente, iyo ndi fote, inu simufunsa kuti pa mita kapena pa mpukutu?"

Akanakhala kasitomala, a Telala akanaseka n'kuvomera. Koma anali mwana wawo, pamaso pa mkamwini, ndipo anawagwira ndi nsalu yawo yomwe. Anapsa mtima.

"Iwe, kuwerenga chenji cha madalaivala ndiye wasanduka mkulu wa banki? Ndinayamba kugwira ndalama iwe usanabadwe!"

"Pepani, ababa. Koma mukuwadziwa bwanji mayiwo chonchi? Munakongolako?"

Anafunsa mofatsa, maso ake ali pakona paja, pa timaenje tinayi. A Telala anayatsa makina n'kuponda mwamphamvu, ndipo phokoso linawayankhira. Mkamwini, yemwe anabwera kudzafuna njinga n'kupeza nkhondo ya eni ake, anavala chipewa nati abweranso Lolemba.

Atachoka, ntchito inakana. A Telala anasoka thumba la malaya mozondoka, chinthu chomwe anasiya kuchita ali mnyamata. Anasasula, anatukwana singano, kenako anakoka dilowa ya mabatani. Kapepala kanalimo. Anavala magalasi. Pansi pa 40 panalembedwa kuti "pa chaka".

Anachotsa nsalu zonse patebulo lodulira, natenga choko chawo cha buluu, chija cholembera m'chiuno mwa mabuluku. Anayala tepi yoyezera m'mphepete mwa tebulo n'kunena kuti inchi iliyonse ikhale mwezi. Pa inchi yoyamba analemba 30. Pa yachiwiri 30. Anapitiriza mpaka inchi ya khumi ndi ziwiri, kenako anaphatikiza pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Zinakwana 360 sauzande.

Anabwereza, poganiza kuti choko chanama. Zinakwananso 360. Pa 150 sauzande yomwe anakongola, chaka chimodzi chokha chinadya kawiri ndalamayo, n'kuwonjezerapo 60. Twente kuchulukitsa ka khumi ndi kawiri: 240 peresenti pa chaka. Pambali pake analemba za bungwe. Fote pa handiredi iliyonse, pa 150 sauzande, ngakhale utakhala nayo ndalamayo chaka chathunthu osabwezako kalikonse, ndi 60 sauzande. Chaka chonse cha bungwe chinali miyezi iwiri ya Mayi a Golosale. Ndipo iwo anawathamangitsa anthu a bungwe aja ngati akuba nkhuku, atawaphunzitsanso masamu.

Anawonjezera mainchi awiri kuti miyezi ikwane khumi ndi inayi. 420 sauzande. Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Munali mayunifolomu a sukulu osawerengeka m'menemo, munali madiresi a akwati, zigamba za m'mawondo, mazipi, masiku omwe anamwa tiyi wopanda mkaka n'kumati dokotala anawaletsa. Ndipo ngongole inali pomwe inaliri tsiku loyamba, 150 sauzande, yosakanda ngakhale pakhungu.

Wosoka nsapato wa khomo loyandikana anasuzumira, monga ankachitira makina akakhala chete nthawi yaitali.

"Achimwene, mwasanduka aphunzitsi? Kapena ndi patani ya diresi la njovu?"

"Tabwera uone."

Wosoka nsapato anayang'ana, nazindikira msanga, poti naye anadutsamo.

"Inu ndinu a mwayi, mumalipira. Ine ndinaphonya kawiri, ndinangoona ngongole yamera mano. Tayesani kuwerengera mutati simukupereka."

A Telala anayesa, monga munthu amakandira chilonda akudziwa kuti chipweteka. Mwezi woyamba 150 inakhala 180. Wachiwiri, twente peresenti sinalinso ya 150 koma ya 180, ndiye inafika 216. Wachitatu 259 ndi kakusefukira. Pofika mwezi wachinayi inali itadutsa 300, kuwirikiza kawiri. Wachisanu ndi chimodzi, pafupifupi 448. Choko chinafupika, tebulo linachepa, ndipo anamalizira pachitseko cha kabati. Pa mwezi wa khumi ndi chiwiri panatuluka miliyoni imodzi ndi 337 sauzande, pafupifupi kasanu ndi kanayi ndalama yomwe anatenga.

Wosoka nsapato anaimba mluzu.

"Nkhuku imeneyo ndiye yoberekadi. Mwayi wake amalanda chikole usanafike kumeneko. Ine nditaphonya kachitatu anatenga wailesi ndi matiresi, ndipo ndinawathokoza."

Anabwerera ku nsapato zake akuseka. A Telala sanaseke. Chomwe chinkawawawa si ndalama zokha ayi. Anali manyazi. Miyezi yonseyi ankapita kugolosale atavala malaya ositidwa, envelopu m'thumba, akudziona ngati mwamuna wosunga mawu, womenyera nkhondo makina a mkazi wake. Ankati mwezi uliwonse akuwayandikira makinawo. Tsopano choko chinawaonetsa kuti ankangowalipirira lendi, yokwera kuposa ya shopu yawo yomwe, kuti azigona pakati pa matumba a shuga.

Lolemba m'mawa anapita koyamba ku ofesi ya bungwe. Mtsikana wa pawindo anawalandira bwino, koma anati ngongole amapereka kwa membala amene wasunga nawo ndalama kwa miyezi isanu ndi umodzi. A Telala anawerengera mumtima, poti tsopano kuwerengera kunali kutawalowa ngati chifuwa: miyezi isanu ndi umodzi ya 30 ndi 180 sauzande ina. Akanalowa tsiku lomwe anthuwo anabwera kushopu, bwenzi nkhaniyi itatha kalekale. Analembetsabe, kenako analunjika kugolosale.

Mayi a Golosale anali akuyeza mpunga. Anali mayi wonenepa bwino, wa nkhope yokoma, yemwe pamaliro a akazi awo a Telala anabwera ndi shuga ndipo analira zenizeni.

"A Telala! Mwezi sunathe. Mwandisowa?"

"Ndabwera ndi funso, mayi. Mukudziwa kuti ndakupatsani 420 sauzande?"

"Ndikudziwa. Zili m'buku."

"Ndipo pa chaka ndi 240 peresenti."

Mayiwo anamanga pepala la mpunga, nalipereka kwa kasitomala, nadikira kuti atuluke.

"Ndinakubisiranipo chiyani, bambo? Ndinati twente pa mwezi, ndipo ndi twente pa mwezi. Za chaka munandifunsa? Tsiku lija munabwera maso ali gwa, mukuti adokotala akudikira. Ndikanayamba kukuwerengerani miyezi khumi ndi iwiri, mukanakhala pansi kumvetsera? A bungwe anu aja anali kuti? Ine ndalama ndimapereka lero lomwe, kwa munthu wopanda pepala lililonse. Ena amasamuka usiku ndi ndalama zanga. Amene amalipira amalipirira ndi othawawo."

"Ndiye ine ndakhala ndikulipirira anthu angati?"

"Inu ndinu kasitomala wabwino," anatero mayiwo, ndipo sanali kunyoza.

Mawu amenewo, omwe sabata yatha akanawanyamula ngati mendulo, anawalasa a Telala kuposa chipongwe. Anafunsa kuti pafunika zingati kuti zithe lero.

"Nkhuku, 150. Ndi mazira a mwezi uno, poti wayamba kale, 30. Zonse 180." Anawayang'ana, kenako anatsitsa mawu. "Koma ndikuuzeni monga mlongo wanu. Asiyeni makinawo. Ndiwagulitsa, tifufute m'buku, musapereke kalikonse. Ndi akale, a Telala. Ngakhale 150 yangayo mwina sakwana. Inu muli ndi amagetsi, othamanga. Mukuvutikiranji?"

Anali malangizo abwino, ndipo n'zimene zinawakwiyitsa. Anapempha kuti awaone makinawo. M'chipinda chakuseri munali wailesi zitatu, njinga, matiresi opindidwa, firiji yaing'ono, chilichonse chili ndi kapepala komata. Makina anali kukhoma, atafunditsidwa thumba, pamwamba pake pali katoni ya sopo. A Telala anachotsa katoniyo n'kuiika pansi mosapempha chilolezo. Anakweza thumba. Singano inali ikadali ndi ulusi wobiriwira, wa diresi lomwe akazi awo analisiyira panjira tsiku lomwe anagonekedwa.

Atabwerera kushopu anapeza mwana wawo ali yekha, ataima pa tebulo lodulira. Wosoka nsapato, yemwe ankasunga kiyi wachiwiri, ndi amene anamutsegulira. Manambala a buluu anali pomwepo, kuyambira patebulo mpaka pachitseko cha kabati, ndipo munthu wowerenga ndalama tsiku ndi tsiku sankafunika womumasulira.

"Makina a amayi sali kwa okonza," anatero, osatembenuka.

"Ayi, mwanawe."

"Bwanji simunandiuze, ababa? Chaka chonse ndi miyezi iwiri!"

"Unali utangolowa m'banja. Ndinati ndi katundu wanga." Anakhala pa benchi la makasitomala, pomwe sankakhalapo. "Ndipo ndinkaona ngati ndikukwanitsa. 30 sauzande ikamabwera yokha imaoneka yaing'ono. Sindinaziikepo pamodzi. Ine amene ndimakalipira anthu kuti osadula nsalu usanayeze."

Mwanayo anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, natenga kachidutswa ka choko. Pansi pa manambala a bambo ake analemba 300, kenako 60 kuchulukitsa ka khumi ndi kawiri, kenako 720.

"Izi ndikawaonetse bambo a kunyumba. Njinga idikire." Anaika choko. "Nanga inu mutani?"

Anamuuza zonse ziwiri: kusiya makinawo ngongole n'kutha, kapena kupeza 180 sauzande mwezi usanathe. Panali telala wina wa mumsewu wakumtunda yemwe kwa nthawi yaitali ankasirira makina awo amagetsi, ndipo anatchulapo 190.

Mwanayo analankhula pang'onopang'ono, ngati mawuwo akumuwotcha.

"Masamu ake, ababa, ndi oti muwasiye makina a amayi. Amagetsi ndi amene amakudyetsani. Pa opalasa muzisoka theka la zomwe mumasoka, ndi mawondo anuwo. Ndipo mukapereka 180 imeneyi, zonse zikwana 600 sauzande. Kanayi ndalama yomwe munatenga."

"Ndawerengera kale."

"Ndiye?"

"Ndiye ulendo uno ndikudziwa mtengo wake. Poyamba ndinkalipira ndili m'tulo. Choko chandiuza kuti ndi zingati, koma sichinandiuze kuti ndigule kapena ndisiye. Zimenezo n'zanga."

"Amayi akanakukalipirani."

"Akanandikalipira mpaka msewu wonse kumva," anavomera a Telala, ndipo onse awiri anaseka, kuseka kwa misozi m'maso.

Lachitatu telala wakumtunda anabwera, nayesa makina amagetsi pa kansalu, nadandaula za lamba, za mota, za utoto, monga amachitira munthu amene wakonda chinthu. Anawerenga 190 sauzande. Lachinayi m'mawa a Telala anaika 180 pakauntala ya golosale, ndipo anaima pomwepo mpaka anaona ndi maso awo mzere ukudutsa pa dzina lawo m'buku. Mayi a Golosale anati khomo ndi lotsegula tsiku lililonse. A Telala anathokoza mwaulemu, poti tsiku lija mayiwa anatseguladi, ena onse atatseka.

Mkamwini ndi amene anakankha wilibala. Anayenda mosamala ngati wanyamula mazira, akuzemba maenje, apongozi ake ali pambali dzanja lili pa makina. Za njinga sanatchule. Anangoti, "Bambo, mafomu a bungwe aja amatenga kuti?"

Miyendo inayi inalowa m'timaenje take ngati sinachokepo. A Telala anapukuta fumbi, anathira mafuta, anamangitsa lamba yemwe anali atalefuka. Patebulo panali mulu wa mayunifolomu ofunika Lolemba, ntchito ya masiku awiri pa makina aja anapita, ya masiku anayi kapena asanu pa awa. Anadziwa kuti mawondo adzalira, ndiponso kuti ena mwa makasitomala adzatopa n'kudikira n'kupita kumtunda. Anakoka mpando wa akazi awo, womwe unali waufupi kwa iwo, n'kuika phazi pa chopondera. Chitsulocho chinali chitasalala mbali imodzi, kumanzere, pomwe phazi laling'ono linaponda zaka makumi awiri ndi zisanu. Phazi lawo silinakwanemo.

Mayunifolomu anali a buluu. Mwana wawo anatola ulusi wabuluu m'bokosi n'kuwapatsa, ndipo anatambasula dzanja kuti asolole wobiriwira uja pa singano.

"Usiye kaye," anatero a Telala.

Anatsegula kabati, chitseko chija cha manambala, natulutsa pansi penipeni diresi lobiriwira lopanda mkono umodzi. Analiyala pansi pa singano, pomwe msoko unathera, n'kuyamba kupalasa.